Alandilodi akazula chitseko: nyumba ndi yawo inde, koma kukutulutsa ndi nkhani ina

Mlamu wanga ndi telala, amachita lendi ku Chibavi, kanyumba ka zipinda ziwiri ndi pabalaza, K80,000 pamwezi yolipira pa 1. Chaka chatha zinthu zinamuthina, Malichi sanalipire, Epulo sanalipirenso, ndiye pa 20 Epulo alandilodi anabwera madzulo nkuima pakhonde nkunena kuti pofika pa 30 nyumba ikhale yopanda munthu. Iye anangoti pepani adada ndikuyesetsa, akuganiza kuti ndi mkwiyo chabe utha. Pa 2 Meyi anapita kutauni kukagula mazipi ndi ulusi, pobwera anapeza chitseko chakumaso kulibe, chazulidwa ndi mahinjesi omwe, makina ake osokera kulibenso, ana awiri akhala pamphasa akuyang'ana panja ngati ali pa siteji ya basi, kamvula kathu ka Mzuzu kaja kosatha kakuwazira mpaka pabalaza. Atapita kukafunsa kunyumba yaikulu yankho linali lakuti, "Amama, nyumba iyi ndinamanga ndekha, palibe khoti lomwe linandiumbira njerwa. Makina mudzatenga mukabweretsa 160 yanga."

Ine ndinagwirapo ntchito zaka zingapo mu ofesi ya maloya ngati kalaliki, woyenda ndi mafayilo kukhoti, komanso ndili ndi tizipinda tanga tiwiri ku Mchengautuwa tomwe anthu amachita lendi, ndiye ululu wa mbali zonse ndimaudziwa. Munthu kukhala m'nyumba mwako miyezi iwiri osalipira iwe fizi ya ana ikukudikira, zimawawa, tisanamizane. Koma chomwe chimasokoneza anthu ambiri, matenanti ndi malandilodi omwe, ndi choti pankhani iyi pali mafunso awiri ndipo ife timawaphatikiza kukhala limodzi. Loyamba ndi lakuti kodi ufulu wa tenanti wokhala m'nyumbamo watha kapena ukadalipo. Lachiwiri ndi lakuti olo utatha, ndani ali ndi mphamvu yomugwira munthuyo ndi katundu wake kumuika panja. Landilodi akhoza kuwina funso loyamba bwinobwino koma nkulakwa pa lachiwiri, ndipo ambiri amagwera pamenepo.

Tiyambe ndi chomwe umagula ukalipira lendi. Anthu amaganiza ngati landilodi wakuchitira chifundo kukusunga, ayi, wakugulitsa chinthu. Umwini wa nyumba umatsala kwa iye, pepala la puloti ndi lake, koma nyumbayo kwa nthawi yomwe mwagwirizana imakhala m'manja mwako, ndiwe wonena kuti uyu alowe uyu asalowe, ndipo mwini wakeyo nayenso ali m'gulu la ogogoda. Akafuna kudzaona ngati denga likudontha amayenera kukuuza kaye nkubwera nthawi yabwino, osati kutsegula ndi kiyi wa sipeya iwe uli ku tchalitchi. Ndipo izi sizidikira kuti pakhale agirimenti yotayipa. Nyumba zambiri ku Chibavi, Chiputula, Masasa, Zolozolo anthu amangogwirizana pakamwa, wapereka ndalama wapatsidwa kiyi basi, ndipo kukhoti umenewo ndi mgwirizano ndithu, bola uonetse kuti umalipira. Mameseji a Airtel Money kapena Mpamba aja musamafufute, ndi malisiti amenewo. Mlamu wanga anali nawo a miyezi 14 yotsatizana, onse opita pa nambala ya alandilodi, ndipo tsiku lomwe nkhani inafika pokambirana ndi omwe anatseka pakamwa zonena zakuti "ndinangomusunga".

Nanga ufulu umenewu umatha bwanji? Ngongole payokha siwuthetsa. Apa ndi pomwe malandilodi amadabwa, amaona ngati tsiku lomwe munthu wadumphitsa lendi ndiye kuti pompo wasanduka mlendo wongolowerera. Ngongole ndi ngongole, uli ndi ufulu woitsata mpaka tambala yomaliza, komanso imakupatsa chifukwa choyambira njira yothetsa mgwirizano, koma njirayo umayenera kuiyenda, siidziyenda yokha. Kwa anthu olipira mwezi ndi mwezi popanda tsiku lomalizira, njira yake ndi notisi, ndipo notisi ili ndi masamu ake. Siichepera mwezi wathunthu, komanso imayenera kuthera pa tsiku lolipira lendi, osati pakati pa mwezi. Lamulo la malo olembetsedwa m'kaundula wa boma, lija la 1967, limanena zimenezi, ndipo kwa nyumba za m'makomboni zomwe sizili m'kaundulayo makhoti amatsata mfundo yomweyo kuchokera ku malamulo akale a ku Mangalande omwe dziko lino linatengera kuyambira 1902.

Ndiye tiwerengere nkhani ya mlamu wanga. Lendi pa 1. Wauzidwa pa 20 Epulo. Tsiku lolipira lotsatira ndi 1 Meyi, koma kuchoka pa 20 Epulo kufika pamenepo ndi masiku 11 okha, mwezi sunakwane, ndiye silingagwire. Mwezi ukukwana pa 20 Meyi, koma limenelo si tsiku lolipira. Tsiku loyamba lomwe likukwaniritsa zonse ziwiri ndi 1 Juni. Ndekuti pa 2 Meyi pomwe chitseko chimazulidwa, mayi uja anali tenanti wathunthu, wangongole inde, koma ufulu wake wokhala unali usanathe, unali ndi mwezi wina wonse olo titati mawu apakhonde aja tiwawerenge ngati notisi. Alandilodi akanangolemba kakalata pa 31 Malichi, notisi yawo ikanathera pa 1 Meyi mwaukhondo. Anachedwa ndi kukalipa.

Ndinene chilungamo kwa matenanti apa, chifukwa ena akamva zoterezi amayamba matama. Pa lendi ya mwezi ndi mwezi landilodi safunika kukupatsa chifukwa. Olo umalipira pa nthawi yake, umasesa pabwalo, ana ako sathyola mapeyala ake, akafuna nyumba yake akupatsa notisi yokwanira ndipo ikatha ufulu wako watha. Kuti wakhalamo zaka 8, kuti unapenta wekha, kuti ana ali pakati pa teremu ku sukulu, zonsezo ndi zopempherera chifundo kapena masiku owonjezera, si ufulu. Zimasintha ngati munasainirana agirimenti ya nthawi yodziwika, tinene chaka chimodzi kuyambira Janyuwale mpaka Disembala. Pamenepo landilodi sangadzuke mu Juni nkuti mwana wanga akukwatira tulukani, kapena wapezeka wina wa ku bungwe wolipira zambiri, pokhapokha ngati mu agirimentimo muli chiganizo chomulola kuthetsa ndi notisi, kapena iwe waphwanya zomwe munagwirizana. Nchifukwa chake pepala lija muziliwerenga musanasaine, makamaka ndime ya notisi, chifukwa zomwe mwalemba ndi zomwe khoti lidzayambire kuyang'ana.

Kwa tenanti woti waphwanya mgwirizano, monga kusalipira kapena kulowetsamo anthu ena a lendi mwini wake osadziwa, pali njira ina yothetsera nthawi isanakwane. Lamulo la 1967 lija limati landilodi ayambe wamulembera munthuyo kumuuza chomwe walakwa nkumupatsa nthawi yokwanira yoti akonze. Akalephera, landilodi ali ndi njira ziwiri, ndipo apa mvetserani bwino chifukwa mutu wonse wa nkhani yathu uli pomwepa. Ngati m'nyumbamo simukukhala munthu, akhoza kulowa yekha nkuitenga. Ngati mukukhala munthu, njira yake ndi khoti. Mzere wake ndi umenewo, muli munthu kapena mulibe.

Ndiye tafika pa funso lachiwiri lija. Tiyerekeze kuti alandilodi a ku Chibavi aja anachita zonse bwino, notisi yolemba, mwezi wathunthu, yathera pa 1 Juni, ndipo pa 2 Juni mayi akadali momwemo akusoka mayunifomu. Ufulu wake watha, palibe zokambirana, ndipo tsiku lililonse lomwe akukhalamo likuwerengedwa ndalama zomwe adzalipire. Kodi tsopano alandilodi angabwere ndi anyamata anayi a pa siteji ya kabaza kudzatulutsa mabedi? Ayi ndithu. M'buku la malamulo a milandu yaupandu muli mlandu wolowa pamalo mwa nkhondo pofuna kuwalanda, ndipo nkhondo yake sikuti mpaka umenye munthu, kuopseza kuli momwemo, kuthyola nyumba kuli momwemo, kusonkhanitsa chigulu cha anthu kuli momwemo. Chomwe chimadabwitsa anthu ndi choti lamulolo limanena poyera kuti zilibe kanthu kaya uli ndi ufulu wolowa pamalopo kaya ulibe. Ndekuti mawu aja akuti ndinamanga ndekha sakupulumutsa, lamulo linawaganizira kale nkuwakana. Ukawonjezera kuphwanya katundu wa munthu potulutsa, kapena kumukankha, milandu ikungochulukira.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Landilodi aliyense amene akufuna kutulutsa munthu amakhala wotsimikiza kuti akulondola, koma pa anthu otsimikizawo alipo olakwitsa masamu a notisi ngati aja, alipo oiwala kuti analandira ndalama kudzera kwa akazi awo, alipo oti dipoziti ya miyezi iwiri anadya kalekale ndipo sakuiwerengera. Munthu sangakhale wodandaula, woweruza komanso sherifu pa mlandu wake womwe. Ndipo malamulo aakulu a dziko lino a 1994 ali ndi gawo 21 loteteza munthu kuti nyumba yake isamalowedwe mwachisawawa ndi katundu wake asamalandidwe, gawo 28 loti munthu asalandidwe chuma chake popanda njira yake, ndi gawo 41 loti aliyense ali ndi ufulu wokamvedwa kukhoti. Gawo 28 lomwelo limatetezanso landilodi, nyumba ndi chuma chake, nchifukwa chake khoti limamubwezera nyumbayo akapita kukapempha. Kungoti apite.

Tenanti nayenso asaone ngati lamulo la upandu likuyang'ana mbali imodzi. Pafupi pomwepo pali mlandu wina wa munthu amene akukakamira pamalo popanda chomuyenereza chilichonse m'njira yoti ingabutse ndewu. Ndiye ngati notisi yatha iwe nkuyamba kunola chikwanje pakhonde kuti aliyense wobwera aona, wadziika wekha m'mavuto.

Tsopano zija timachita kuno zoti sitikumutulutsa koma atuluka yekha. Kuzula chitseko, kuchotsa malata awiri pamwamba pa chipinda chogona mu nthawi ya mvula, kukhoma loko wachiwiri pamwamba pa wa tenanti, kutseka mpopi wa pabwalo kapena chimbudzi ndi loko, kudula waya wochokera ku mita ya nyumba yaikulu pomwe munthu amasonkha nawo za mayunitsi. Anthu amaona ngati ndi nzeru chifukwa sanamugwire munthu. Kukhoti zonsezi zimaonedwa ngati kusokoneza munthu pa nyumba yomwe ili m'manja mwake, ndipo tenanti akhoza kusumira chipukuta misozi, kuphatikizapo katundu yemwe wanyowa kapena kubedwa chifukwa nyumba inali pululu usiku. Ndaonapo nkhani yomwe ngongole ya lendi inali yochepa kuyerekeza ndi mtengo wa matiresi, TV ndi mabuku a ana zomwe zinavumbwa, mwini nyumba amene anabwera ngati wodandaula nkutuluka ali iye wolipira.

Za makina osokera zija ndi nkhani payokha. Zoona, m'malamulo muli njira yogwira katundu wa tenanti chifukwa cha ngongole ya lendi, ndipo malandilodi a mashopu mtauni amaigwiritsa ntchito. Koma imayenda ndi chikalata ndipo ogwira katunduyo ndi masherifu, amalemba mndandanda wa chilichonse chomwe atenga, amapereka masiku oti munthu awombole asanagulitse, sabwera usiku, ndipo pali zinthu zomwe lamulo limaziteteza monga zovala, zofunda ndi zipangizo zina zomwe munthu amadyera. Landilodi kulowa yekha nkunyamula makina pamutu kupita nawo kwake si njira imeneyo, ndi kulanda basi. Komanso taganizani, telala mwamulanda makina, 160 yanuyo aipeza kuti? Chinanso chomwe ambiri sadziwa, kugwira katundu chifukwa cha lendi sikutulutsa munthu m'nyumba, ndi njira yotolera ndalama chabe, ndipo ukaigwiritsa ntchito ukuvomereza kuti munthuyo akadali tenanti wako.

Nanga mphamvu ya landilodi yotenga nyumba popanda khoti ili pati, poti ilipo? Ili pomwe palibe womutulutsa. Tenanti wasamuka yekha wakupatsa makiyi, lowa, sintha loko, palibe pepala lofunika. Tenanti wathawa usiku ndi katundu yense, anthu oyandikana nawo anaona lole, foni sakuyankha, lendi sanalipire, nyumba ili mbee, imeneyo ukhoza kuitenga, koma ine ndimalangiza kuti potsegula pakhale abuloko lida kapena mboni ziwiri, jambulani ndi foni, ndipo ngati mwatsala timipando kapena mapoto lembani mndandanda nkusunga, musagawane. Vuto limabwera pomwe landilodi akufuna kunamizira kuti munthu wathawa pomwe wangochokapo. Munthu amene wapita ku ntchito sanasamuke. Amene wapita ku maliro ku Karonga sabata ziwiri, bedi lake, mbaula yake, zovala zake zili momwemo, sanasamuke. Ana a sukulu a ku Mzuni omwe amachita lendi ku Luwinga akapita ku holide atalipira, katundu ali m'chipinda, sanasamuke. Kusintha loko munthu wotero ali kunja, olo notisi itatha, ndi kutchova juga, chifukwa watsekera katundu wa mwini mkati ndipo chilichonse chomwe adzanene kuti chasowa udzayankha ndiwe.

Palinso anthu ena okhala pamalo pako omwe si matenanti nkomwe. Mlonda kapena wantchito yemwe unamupatsa boyizikota chifukwa cha ntchito, wachibale yemwe ukumusunga, munthu wogona ku loji usiku ndi usiku. Amenewa nyumba siinaperekedwe m'manja mwawo, analoledwa kukhalapo chabe, ndipo chilolezo chikachotsedwa nkupatsidwa nthawi yokwanira yolongedza amayenera kuchoka. Lamulo la kulowa mwa nkhondo lija nalonso limapatula mwini malo amene akulowa pamalo pake pomwe akusungidwa ndi wantchito wake. Koma musathamangire kutcha aliyense mlendo. Ngati munthu ali ndi chipinda chake, kiyi wake, amalipira mwezi ndi mwezi, ameneyo ndi tenanti olo mutakhala mpanda umodzi nkumagwiritsa bafa imodzi.

Njira ya khoti yomwe anthu amaiopayo imayenda chonchi. Landilodi amapita ndi kope ya notisi, agirimenti ngati ilipo, ndi kawerengedwe ka ngongole mwezi ndi mwezi, nkukatsegula mlandu wopempha zinthu ziwiri, nyumba yake ndi ndalama zake. Nkhani za nyumba wamba zimayambira kwa majisitireti, ndipo pano pa Mzuzu makhoti tili nawo pompano, la majisitireti ndi khoti lalikulu lomwe, sizofuna ulendo wa ku Lilongwe. Khoti limatulutsa chisamani, chimaperekedwa kwa tenanti, iye amapatsidwa mpata woyankha. Apa matenanti ambiri amadzipha okha, amalandira chisamani nkuchiika pansi pa matiresi poganiza kuti akapanda kupita nkhani ifa. Siifa, imagamulidwa iwe kulibe, ndipo zonse zomwe landilodi wanena zimangodutsa. Ukapita ukhoza kuonetsa kuti notisi inali yoperewera, kuti ngongole si yomwe akunenayo, kapena kungovomera nkupempha masiku osamukira ndi kulipira pang'onopang'ono. Woweruza akagamula amatchula tsiku lotulukira. Likadutsa munthu osatuluka, landilodi amabwereranso kukatenga chikalata chopita kwa masherifu, ndipo amenewo ndi omwe amabwera kudzatulutsa katundu, nthawi zina ndi apolisi owaperekeza kuti pasakhale ndewu. Zolipira masherifu zimakagwera pa wangongole, ndiye kudikira mpaka afike pakhomo ndi kudziwonjezera katundu.

Kodi zimachedwa? Zimatha kuchedwa, kuimitsa milandu kumachitika, ndipo landilodi amene amadya za lendi yomweyo amamva kuwawa mwezi uliwonse. Ine sindinganene kuti njirayi ndi yokoma. Koma nthawi zambiri chisamani chokha chikafika pakhomo munthu amayamba kufunafuna nyumba, milandu yambiri yotere siifika nkomwe kwa masherifu.

Msampha umodzi wa malandilodi ndiutchule, chifukwa ndinagweramo ine ndemwe. Notisi yatha, munthu sanatuluke, kenako pa 5 akukutumizira lendi ya mwezi watsopano pa foni, iwe poti ndalama ndi ndalama walandira nkukhala chete. Kulandira lendi ya nthawi ya kutsogolo notisi itatha kumatengedwa ngati umboni woti wavomera kuti apitirize kukhala, ndiye mgwirizano wa mwezi ndi mwezi wayambiranso, notisi ija yafa, uyambenso kuwerenga. Ngati ukulandira za ngongole yakale lemba meseji pompo yonena kuti ndalama iyi ndi ya Malichi, notisi ikadali chiimire. Ine ndinataya miyezi iwiri chifukwa cha K45,000 yomwe ndinailandira ndikumwetulira.

Kwa tenanti, luso lofunika ndi kudziwa pepala lomwe lili ndi mano ndi lomwe lilibe. Kalata ya loya yonena kuti tulukani pasanathe masiku 7 ndi kalata chabe, olo ikhale ndi chidindo chofiira ndi chizungu choopsa, ikukuchenjeza kuti akusumira, siikutulutsa. Chigamulo cha abuloko lida kapena amfumu ndi mkhalapakati, chothandiza kwambiri ndipo nthawi zambiri ndi chomwe chimathetsa nkhani, koma sichipatsa munthu mphamvu yonyamula katundu wako. Wapolisi amene wabwera ndi landilodi popanda pepala la khoti alibe mphamvu yokutulutsa, ngongole ya lendi si mlandu wa upandu. Pepala lenileni limakhala ndi dzina la khoti, nambala ya mlandu, maina a inu awiri, chidindo cha khoti ndi saini, ndipo wobwera nalo amakhala sherifu woti akhoza kuonetsa chiphaso. Funsani kuliona, lijambuleni, ndipo ngati simunalandirepo chisamani chilichonse thamangani ku ofesi ya khotilo ndi nambalayo mukafunse, chifukwa chigamulo chomwe chinaperekedwa inu osauzidwa za mlandu mukhoza kupempha kuti chiimitsidwe nkumvedwanso.

Zikachitika ngati za mlamu wanga, choyamba musabwezere. Osakathyola kunyumba yaikulu kukatenga makina, osatukwana pa gulu la watsapu la mpingo. Jambulani chitseko, jambulani katundu, itanani anthu awiri aone. Kapereni lipoti ku polisi, ndipo mukakafika nenani za kuthyola ndi kutenga katundu, chifukwa mukayamba ndi mawu akuti lendi mudzangouzidwa kuti zimenezo ndi za kukhoti. Ngati mwatsekeredwa kunja ndipo mukufuna lamulo lachangu loti akutsegulireni kapena asiye kukusokonezani, chiletso chotero chimatengedwa ku khoti lalikulu osati kwa majisitireti, ndipo pamenepo pamafunika loya, ndiye kwa amene alibe ndalama ofesi ya Legal Aid Bureau ilipo mu Mzuzu momuno. Koma dziwani kuti woweruza adzafunsa za ngongole yanu, ndipo munthu wobwera atanyamula ndalama ina m'manja ndi ndondomeko ya momwe amalizire amamvedwa mosiyana ndi wobwera ndi mkwiyo wokha.

Ife sitinafike kukhoti. Tsiku lomwelo madzulo tinakhala pansi kwa abuloko lida, ine, mlamu, alandilodi ndi mwana wawo wamkulu yemwe amaphunzitsa ku sekondale. Ndinawawerengera masiku aja, 20 Epulo, 1 Meyi, 1 Juni, ndinawauza za mlandu wolowa mwa nkhondo, poyamba anakalipa kuti inu achimwene mwabwera kudzandiopseza pakhomo panga, koma mwana wawo uja anawakokera pambali nkuyankhula nawo m'Chitumbuka kwa kanthawi ndithu. Pobwera anati chitseko abwezera koma misomali ndi mahinjesi agule mayiyo. Tinakana, anagula okha. Tinalemba pa pepala la mu kope, makope awiri: makina abwezedwa usiku womwewo, ngongole ndi K160,000 kuphatikiza K80,000 ya Meyi, dipoziti ya mwezi umodzi yomwe anapereka polowa ichotsedwepo kutsale K160,000, azilipira K40,000 pa 15 ndi pa 30 paliponse, ndipo nyumba aipereka pa 1 Julayi osati 1 Juni, chifukwa notisi yolemba inali kuperekedwa tsiku limenelo la 2 Meyi ndipo pofika 1 Juni mwezi ukanaperewera tsiku limodzi. Alandilodi atamva za tsiku limodzilo anagwira kumutu nkuti, "Amama, mwandidyera mwezi wina." Lendi ya Juni analipira payokha pa 1, anasamukira ku Chiputula pa 29 Juni, ndipo K40,000 yomaliza anatumiza pa Mpamba ali kale kumeneko.